Thiransifoma ya chigayo ndi mababu: ma kVA angati akwanira?

Thiransifoma iliyonse yopachikidwa pamapolo m'tauni kapena pamalo ochitira malonda akumudzi imakhala ndi kachitsulo kolembedwa pambali pake. Nambala yoyamba imene akatswiri a zamagetsi amaifunafuna pakachitsulopo ndi ya kVA, monga 50, 100, 200, 315 kapena 500. Nambalayi imanena kukula kwa katundu wa magetsi amene thiransifomayo ingasenze usana ndi usiku osatentha mopitirira muyezo. M'Malawi mathiransifoma otere amalandira magetsi kuchokera ku nthambo za ESCOM za mavoliti 11,000 kapena 33,000, n'kuwatsitsa kuti afike pa mavoliti 400 pakati pa mafezi atatu, ndiponso mavoliti 230 pakati pa fezi imodzi ndi nyutulo. Mamota akuluakulu amakoka pa mafezi onse atatu, pomwe mababu, mawailesi ndi mafiliji amakoka pa fezi imodzi.

Kukadakhala kuti thiransifoma ikudyetsa mababu okhaokha, kusankha kukula kwake sikukadavuta. Mavuto amayamba pamene mota ndi babu zikudya mbale imodzi, monga zimakhalira pamalo ambiri amene alandira magetsi kudzera m'ndondomeko ya MAREP: chigayo cha chimanga, pampu ya madzi, masitolo ndi nyumba, zonse pa thiransifoma imodzi. Pamenepo pamakhala mafunso awiri osiyana. Loyamba ndi lakuti kodi thiransifomayo ipirira kutentha zonse zikamagwira ntchito. Lachiwiri ndi lakuti kodi magetsi atsika motani pa masekondi ochepa amene mota yaikulu ikunyamuka. Thiransifoma ikhoza kupambana funso loyamba koma n'kulephera lachiwiri, ndipo anthu ambiri amene amadandaula kuti mababu akuphethira chigayo chikamayaka akuvutika ndi funso lachiwirili.

Chifukwa chake sapima ndi kW

Mota imalembedwa ndi kW kapena hosipawa, koma thiransifoma imalembedwa ndi kVA, ndipo kusiyana kumeneku kuli ndi chifukwa. Chimene chimatenthetsa mawaya a m'kati mwa thiransifoma ndi kalenti, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda m'wayamo, omwe amayezedwa m'maampu. Waya alibe nazo ntchito zoti maampuwo akukagaya chimanga kapena akungoyenda chabe. Akadutsa, waya atentha. N'chifukwa chake opanga amachulukitsa mavoliti ndi maampu, n'kupeza kVA, osafunsa kuti ndi gawo lanji la magetsiwo limene lasanduka ntchito.

Mu mota si maampu onse amene amasanduka ntchito. Gawo lina limangopanga mphamvu ya maginito imene imazunguza mtima wa motayo, ndipo limapita ndi kubwerera pakati pa mota ndi thiransifoma popanda kugaya ngakhale njere imodzi. Nambala imene imaonetsa gawo lothandizalo ndi pawa fakita. Pakachitsulo ka mota imalembedwa kuti cos φ, ndipo pa mota yapakatikati yosenza mokwanira imakhala pakati pa 0.8 ndi 0.9. Mota ikamazungulira yopanda ntchito, nambalayi imagwa kwambiri, chifukwa maginito amafunikabe ngakhale m'chigayo mulibe chimanga.

Pali chinanso. Ma kW olembedwa pa mota ndi mphamvu imene imatuluka pa shafiti, imene imakoka lamba wa chigayo. Imene motayo imakoka ku nthambo ndi yochulukirapo, chifukwa ina imatayika ngati kutentha. Gawo limene limatulukadi pa shafiti limalembedwa ndi chizindikiro cha η, ndipo pa mamota a kukula kwa chigayo limakhala pafupifupi 0.9. Zinthu ziwirizi zikaphatikizidwa, masamu ake amakhala motere:

```
kVA = kW / (η × cos φ)
```

Zotsatira zake n'zakuti mota iliyonse imalemera pa thiransifoma kuposa mmene nambala ya pakachitsulo kake imaonekera, kawirikawiri ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu.

Kuwerengera malo amodzi a malonda

Chitsanzo chabwino ndi malo a malonda amene ali ndi chigayo cha mota ya 30 kW, imene eni zigayo amaitchula kuti ya mahosipawa 40, makina okonola a 15 kW, pampu ya madzi ya 5.5 kW, ndiponso masitolo ndi nyumba zingapo. Manambala a η ndi cos φ ali m'munsimu ndi ofanana ndi amene amapezeka pa mamota a kukula kotere, koma pa ntchito yeniyeni amayenera kuwerengedwa pakachitsulo ka mota imene yagulidwa.

Mota ya chigayo ikakhala ndi η ya 0.91 ndi cos φ ya 0.85, ma 30 kW aja amasanduka 38.8 kVA, omwe ndi maampu 56 pa fezi iliyonse. Ya chokonola, ndi 0.90 ndi 0.84, imakoka 19.8 kVA. Pampu, ndi 0.87 ndi 0.82, imakoka 7.7 kVA. Mamota atatuwa akaphatikizidwa pa manambala a pakachitsulo amakwana 50.5 kW, ndipo munthu wosadziwa akhoza kuganiza kuti thiransifoma ya 50 kVA ingatsale pang'ono kukwanira. Zoona zake n'zakuti amakoka 66.3 kVA, mababu asanawerengedwe n'komwe.

Mbali ya mababu imawerengedwa mwa njira ina. Mmisiri akayenda sitolo ndi sitolo, nyumba ndi nyumba, n'kulemba babu lililonse, filiji, wailesi ya kanema ndi simbi, akhoza kupeza 30 kW. Koma zinthu zimenezi siziyaka zonse nthawi imodzi. Filiji imayaka ndi kuzima yokha, simbi imagwira ntchito mphindi zochepa, ndipo zipinda zina zimakhala mumdima. M'chitsanzo chino tingayerekeze kuti pa nthawi yotanganidwa kwambiri zimayaka zigawo 6 mwa 10, zomwe ndi 18 kW, kapena 18.9 kVA pa pawa fakita ya 0.95. Nambala ya zigawo 6 mwa 10 si lamulo. Pamene pali nyumba zambiri imatsika, pamene pali sukulu kapena holo imene mababu ake amayatsidwa onse pamodzi imayandikira 10 mwa 10, ndipo pamene anthu ayamba kuphikira magetsi masamu onse a mbali imeneyi amayenera kuyambidwanso. Mababu a LED otsika mtengo nawonso amanyenga: amalembedwa mawati ochepa, koma ena pawa fakita yawo imakhala yotsika mpaka 0.5 kapena 0.6, motero maampu awo amakhala pafupifupi kawiri poyerekeza ndi mmene mawati akuonetsera.

Zonse zikayaka pamodzi, 66.3 ndi 18.9 zimapereka 85.2 kVA. Mabuku a uinjiniya amaphunzitsa kuti ma kVA a zinthu za pawa fakita yosiyana saphatikizidwa mwachindunji chonchi. Amati ma kW aphatikizidwe paokha, mphamvu ya maginito ija, yoyezedwa m'ma kvar, iphatikizidwenso payokha, kenako ziwirizo zikumanitsidwe:

```
kVA = √(kW² + kvar²)
```

M'chitsanzochi ma kW okokedwa ku nthambo amakwana 74.0, ma kvar 41.5, ndipo yankho ndi 84.8 kVA. Kusiyana kwake ndi 85.2 n'kochepa kwambiri moti sikungasinthe chisankho chilichonse. Pa malo ang'onoang'ono kuphatikiza mwachindunji kumakwanira, ndipo kukalakwika kumalakwikira ku mbali yotetezeka. Chimene chimasinthadi yankho ndi nthawi.

Chigayo chimagwira ntchito masana, mababu amayaka madzulo. Masana mamota onse akhoza kuzungulira pomwe masitolo akukoka pang'ono, mwina 8 kVA, zonse pamodzi n'kukwana 74 kVA. Usiku chokonola chikazimitsidwa, chigayo ndi pampu ndi mababu zimakwana 65 kVA. Ma 85 kVA aja amafikika pokhapokha nthawi ziwirizi zikalowana, ndipo zimalowanadi: tsiku la msika m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chimanga changokololedwa, mzere wa pachigayo uli wautali, ndipo dzuwa likulowa nthawi ya 6 koloko isanakwane. Ola limodzi kapena awiri amenewo ndiwo amene thiransifoma imasankhidwira. Pa mbali ya kutentha, ya 100 kVA ikukwanira, ndipo pa nthawi yovutayo imakhala itasenza 85 peresenti ya mphamvu zake.

Masekondi amene mota ikunyamuka

Ng'ombe zokoka ngolo yodzaza zimavutika kwambiri pa kanthawi koyamba, ngolo isanayambe kuyenda, ndipo ikangogudubuzika goli limapepuka. Mota nayonso imachita chimodzimodzi. Ikalumikizidwa mwachindunji ku nthambo, mtima wake usanayambe kuzungulira, imakoka maampu ochuluka ka 6 kapena ka 7 kuposa amene imakoka ikamayenda bwino. Mota ya chigayo ija, ya maampu 56, imakoka pafupifupi maampu 364 ngati tichulukitsa ka 6.5, omwe ndi pafupifupi 250 kVA. Izi zikuchitika pa thiransifoma yolembedwa 100 kVA.

Thiransifoma siipsa ndi zimenezi. Mafuta ndi chitsulo chake zimatenga nthawi yaitali kuti zitenthe, ndipo masekondi asanu kapena khumi sakwanira kuziwononga, pokhapokha mota ikamayatsidwa mobwerezabwereza. Chimene chimavutika ndi voliteji. Pakachitsulo ka thiransifoma pali nambala ina imene anthu ambiri saiyang'ana, yolembedwa m'maperesenti, imene akatswiri amaitcha impidansi. Pa mathiransifoma ang'onoang'ono ogawira magetsi imakhala pafupifupi 4 peresenti. Imaonetsa mmene thiransifomayo imadzitsekerezera yokha maampu akamadutsa, ndipo imathandiza kuyerekeza kutsika kwa voliteji mota ikamanyamuka:

```
ΔV% ≈ (kVA_start / kVA_trafo) × Z%
```

Pa thiransifoma ya 100 kVA, ma 250 kVA onyamukira ndi ochuluka kawiri ndi theka, ndipo kawiri ndi theka kuchulukitsa 4 peresenti ndi 10 peresenti. Zinthu zina zimene zikuyaka kale zimaonjezerapo pang'ono. Pa thiransifoma ya 200 kVA kutsikako kukanakhala 5 peresenti.

Kutsika kwa 10 peresenti kumaoneka ndi maso. Mababu a m'masitolo onse amachita mdima kwa kanthawi, chifukwa diso limayamba kuzindikira kusintha kwa kuwala voliteji ikangotsika ndi maperesenti ochepa, makamaka zikamachitika kawirikawiri. Koma vuto lalikulu lili kwa mota yomweyo. Mphamvu yake yopotokola shafiti imatsika mofulumira kuposa voliteji: voliteji ikatsala 90 peresenti, mphamvuyo imatsala 81 peresenti, ndipo ikatsala 80 peresenti, mphamvu imatsala 64 peresenti yokha. Mota yofooka imachedwa kufika pa liwiro lake, ndipo nthawi yonse imene ikuchedwayo imakokabe maampu ochuluka n'kumatentha. Chigayo cha nyundo chili ndi chitsulo cholemera chofunika kuchizunguza, choncho chimachedwa kale ngakhale magetsi ali bwino.

Palinso kontakita, kachipangizo ka m'bokosi loyatsira kamene kamagwira magetsi a mota ndi maginito. Makontakita amapangidwa kuti azitseka modalirika voliteji ikakhala 85 peresenti kapena kuposerapo. Ikatsika kwambiri kupitirira apo, kontakita ikhoza kutaya, voliteji n'kubwerera, iyo n'kugwiranso, voliteji n'kutsikanso, ndipo m'bokosimo mumamveka kugogoda kofulumira kumene kumawotcha timano take. Mafiliji a m'masitolo oyandikana nawo amavutikanso, chifukwa timamota tawo tikafuna kunyamuka pa nthawi yomweyo timalephera n'kuyamba kutentha.

Masamu omwewa amapereka muyezo wosavuta kukumbukira. Ngati cholinga n'chakuti voliteji isatsike kuposa 5 peresenti pa thiransifoma ya impidansi ya 4 peresenti, mota yaikulu kwambiri yoyatsidwa mwachindunji isapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kVA ya thiransifomayo. Mota ya 38.8 kVA ikufuna thiransifoma ya pafupifupi 200 kVA. Apa ndi pamene mafunso awiri aja asiyana mayankho: kutentha kukuti 100, kunyamuka kukuti 200.

Kugula thiransifoma yaikulu kawiri chifukwa cha masekondi ochepa si njira yokhayo, ndipo kawirikawiri si yotsika mtengo. Njira ina ndi kufewetsa kanyamukidwe ka mota. Sitata yodziwika kwambiri pazigayo ndi ya sita-delita. Imayamba yalumikiza makoyilo a mota m'njira imene koyilo iliyonse imalandira mavoliti 230 m'malo mwa 400, kenako mota ikathamanga imawasinthira ku 400. Maampu onyamukira amatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, motero 250 kVA ija imasanduka pafupifupi 84 kVA, ndipo voliteji pa thiransifoma ya 100 kVA imatsika ndi maperesenti atatu ndi pang'ono basi.

Sitata imeneyi ili ndi malire ake. Mphamvu yopotokola nayonso imatsika kufika pa gawo limodzi mwa atatu, choncho chigayo chiyenera kuyatsidwa chilibe chimanga m'kati. Magetsi akazima mwadzidzidzi chigayo chili chodzaza, chimafunika kuchotsedwa kaye zotsalirazo asanachiyatsenso. Wotchi yosinthira iyeneranso kutcheredwa bwino, chifukwa ikasintha mota isanafike pafupi ndi liwiro lake, maampu amalumpha kufika pafupifupi pomwe akadafika popanda sitatayo, ndipo phindu lonse limatha. Chizindikiro chake n'chakuti mababu amaphethira kawiri, pang'ono poyamba, kenako kwambiri patapita masekondi angapo. Komanso si mota iliyonse imene ingalumikizidwe motere. Imafunika kukhala ndi mawaya asanu ndi limodzi otuluka, ndipo pakachitsulo pake pakhale polembedwa 400/690 V. Yolembedwa 230/400 V ikaikidwa pa delita pa magetsi a mavoliti 400 imapsa. Masitata amakono amene amakweza voliteji pang'onopang'ono alibe kulumpha kwa pakatiku, ndipo nthawi zambiri amasunga maampu pa katatu kapena kanayi, koma ndi okwera mtengo ndipo sagwirizana ndi fumbi la ufa.

Dongosolo loyatsira nalo limathandiza popanda kulipira kanthu. Mota yaikulu iziyamba, zing'onozing'ono zizibwera pambuyo, ndipo ziwiri zisanyamuke nthawi imodzi.

Mtunda wa nthambo

Masamu onse a pamwambawa akuyerekeza kuti chigayo chili pafupi ndi polo la thiransifoma. Chikatalikira, nthambo imadya voliteji kuposa thiransifoma yomwe. Waya wa aluminiyamu wa 50 mm² ali ndi kutsekereza kwa pafupifupi maomu 0.64 pa kilomita. Chigayo chikakhala mamita 300 kuchokera pa thiransifoma, pa nthambo zopachikidwa pamapolo, maampu 56 a mota yoyenda bwino amataya pafupifupi 5 peresenti ya voliteji m'njira. Pa nthawi yonyamuka mwachindunji, nthambo yokhayo imataya pafupifupi 20 peresenti, thiransifoma isanawerengedwe.

Pamalo otere kukulitsa thiransifoma kuchoka pa 100 kufika pa 200 kVA kumangobweza maperesenti asanu mwa pafupifupi 30 amene akutayika, ndipo mwini chigayo amadabwa kuti walipira zambiri koma mota ikung'ung'udzabe. Mankhwala ake ndi kuika thiransifoma pafupi ndi mota yaikulu, kukulitsa waya, kapena kupatsa chigayo nthambo yakeyake kuchokera pa thiransifoma kuti masitolo asagawane nacho kutsikako. Kusiyanitsa matenda awiriwa n'kosavuta. Voliteji imayezedwa pa thiransifoma penipeni ndiponso pa bokosi la mota panthawi imene ikunyamuka. Ikatsika kwambiri malo onse awiri, vuto ndi thiransifoma kapena nthambo zazikulu zimene zikuidyetsa. Ikatsika pa mota pokha, vuto ndi waya wa pakati.

Mafezi atatu, mababu pa fezi imodzi

Thiransifoma ya 100 kVA si nkhokwe ya mphamvu imene aliyense angatapemo mbali imene wafuna. Ndi mafezi atatu, iliyonse yokhoza kupereka maampu 144. Mamota a m'chitsanzo chija amakoka mofanana, maampu 96 pa fezi iliyonse. Mababu ndi zinthu za m'masitolo zimakoka maampu 82 pa mavoliti 230. Akagawidwa bwino, fezi iliyonse imalandira 27, n'kukwana 123, pansi pa malire. Koma pamalo amene akukula pang'onopang'ono, nyumba iliyonse yatsopano imalumikizidwa pa waya amene ali pafupi kapena wosavuta kufikira, ndipo pakapita zaka fezi imodzi imapezeka itasenza zambiri. Magawo awiri mwa atatu akaunjikana pa fezi imodzi, feziyo imafika pa maampu 151. Zonse zikakhala pamenepo, imafika pa 178. Ma kVA onse pamodzi akadali 85, pepala likunena kuti zonse zili bwino, koma koyilo imodzi ikupsa.

Kupendekeka kumeneku kumabwereranso kwa mota. Fezi yolemedwa imakhala ndi voliteji yotsika kuposa zinzake, ndipo mota ya mafezi atatu imadana kwambiri ndi zimenezi. Kusiyana kwa 3.5 peresenti pakati pa mafezi kumakweza kutentha kwa makoyilo ake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mota ya chigayo imene ikupsa mobwerezabwereza popanda chifukwa chooneka nthawi zina imakhala ikuphedwa ndi mababu a anthu oyandikana nawo. Waya wa nyutulo nayenso amasenza maampu otsala, ndipo mababu a LED ndi matchaja amaonjezerapo mtundu wa kalenti umene sufafanizika pa nyutulo ngakhale mafezi atagawidwa mofanana. Nyutulo ikaduka kapena kumasuka pamalo otere, nyumba za pa fezi yopepuka zimalandira voliteji yokwera kwambiri ndipo zipangizo zimapsa.

Kutentha kwa malo ndi malo otsala

Nambala ya kVA ya pakachitsulo ili ndi nyengo imene inayerekezedwa. Muyezo wa IEC 60076, umene mathiransifoma ambiri amapangidwira, umatenga kuti mpweya wozungulira ukhala pa madigiri 20 pa avereji ya chaka, 30 pa avereji ya mwezi wotentha kwambiri, ndipo sudzapitirira 40. Chimene chimakalamba m'thiransifoma ndi pepala lokutira mawaya. Malo otentha kwambiri a m'koyilo akakhala pa madigiri 98, pepalalo limatha pa liwiro limene opanga anayembekezera, ndipo madigiri 6 aliwonse oonjezera amafulumizitsa kuthako kawiri. Kutentha kwa m'mawaya nakonso kumakwera mofulumira kuposa katundu: thiransifoma ikasenza 120 peresenti, mawaya ake amatulutsa kutentha kwa 144 peresenti.

Izi zikutanthauza kuti thiransifoma yolemedwa siifa tsiku lomwelo. Imagwira ntchito ngati palibe vuto, zaka zake zikudyeka m'kati, kenako imadzafa pa mphezi kapena pa kunyamuka kwa mota kumene kale inkapirira. Zikutanthauzanso kuti malo amasintha yankho. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kudutsa madigiri 40, thiransifoma yosenza 85 peresenti masana ili ndi mpata wochepa kuposa inzake ya ku Dedza. Kulemedwa pang'ono kwa ola limodzi madzulo ozizira a Juni, pambuyo pa usiku wopepuka, thiransifoma ya mafuta imakupirira bwino, koma kulemedwa komweko tsiku lonse m'chilimwe n'kwina.

Akatswiri ambiri amasiya mpata wa 20 mpaka 25 peresenti wa kukula kwa mtsogolo. Pa 85 kVA, mpata wa 25 peresenti umafikitsa pa 106 kVA, kudutsa pang'ono 100. Apa masamu okha sagamula, ndipo funso limakhala lakuti n'chiyani chikudziwika kuti chikubwera. Ngati kukula kwake ndi masitolo ochepa ndi mababu, ya 100 kVA yokhala ndi sitata ya sita-delita, yoikidwa pafupi ndi chigayo, mafezi atagawidwa bwino, ndi chisankho choyenera, popeza ma 85 kVA amangofikika maola ochepa. Ngati pali chigayo chachiwiri cha 30 kW chimene chikumangidwa, katundu afika pa 124 kVA, ndipo ngati pakubwera makina owotcherera zitsulo, amene amakoka modukizadukiza ndipo kawirikawiri pa fezi imodzi kapena awiri, kuphethira kwa mababu kuchuluka. Zikatero ndi bwino kukwera kufika pa 160 kVA ngati ikupezeka, kapena pa 200.

Makapasita amatha kubweza mpata pang'ono. Pawa fakita ya malo onsewa ndi 0.87. Makapasita a 17 kvar amaikweza kufika pa 0.95, ndipo 85 kVA imatsika kufika pa 78, chifukwa mphamvu ya maginito ija ikuchokera pafupi m'malo modutsa m'thiransifoma. Kwa makasitomala akuluakulu amene amalipira malinga ndi kVA yapamwamba imene akoka, izi zimachepetsanso bilu. Koma makapasita a kukula kotere sathandiza kwenikweni pa kunyamuka kwa mota, ndipo amayenera kuzima pamodzi ndi mamota, kuopa kukweza voliteji usiku katundu akachepa.

Kukulitsa mopitirira nako kuli ndi mtengo wake. Chitsulo cha m'kati mwa thiransifoma chimadya magetsi nthawi yonse imene yalumikizidwa, ngakhale pasakhale babu loyaka. Imene imataya mawati 300 mwanjira imeneyi imadya mayunitsi 2,628 pa chaka, ndipo yaikulu imadya ochulukirapo. Mathiransifoma ambiri ogawira magetsi amataya zochepa kwambiri, poyerekeza ndi zimene akupereka, akasenza pafupifupi theka la mphamvu zawo kapena kucheperapo pang'ono, choncho ya 315 kVA pamalo okoka 70 kVA masana ndi 10 kVA pakati pa usiku ndi ndalama zokwiriridwa. Thiransifoma yaikulu imatulutsanso maampu ambiri mawaya akagundana. Ya 100 kVA ya impidansi ya 4 peresenti ikhoza kutulutsa mpaka maampu 3,600, ya 200 kVA mpaka 7,200, ndipo mabuleka ndi mafyuzi amene anakwanira pa yoyamba amayenera kuonedwanso ikasinthidwa.

Kutsimikiza pambuyo polumikiza

Masamu amayerekeza, koma mita ndiyo imatsimikiza. Malo akayamba kugwira ntchito, mmisiri wovomerezeka amayeza ndi mita yopana waya maampu a mafezi onse atatu ndi a nyutulo pa nthawi yotanganidwa kwambiri, osati m'mawa pamene zinthu zambiri zili zozima. Pa thiransifoma ya 100 kVA, fezi iliyonse imayerekezedwa ndi maampu 144, ndipo imene yakwera kwambiri ndiyo imatengedwa ngati katundu weniweni. Mafezi akasiyana kwambiri, kusamutsa nyumba zingapo kuchoka pa waya wina kupita pa wina kumabweza mpata popanda kugula kalikonse. Fyuzi ya fezi imodzimodzi imene imapsa madzulo okhaokha imaloza ku kupendekeka. Mafyuzi amene amapsa chigayo chikamayaka amaloza ku kanyamukidwe ka mota. Mafuta otuluka thukuta pa chivindikiro ndi utoto wosuluka kumtunda kwa thanki zimaloza ku kutentha kwa nthawi yaitali. Kuyezaku kumabwerezedwa nthawi iliyonse pakaonjezedwa mota yatsopano, ndiponso kamodzi pa chaka m'nyengo yokolola, pamene chigayo ndi mababu zimakumana.